Mphindi ziwiri pa hafu marathoni ndi masekondi angati pa kilomita?

Tiyamike: Mwadzuka bwanji nonse. Ndithandizeni masamu pang'ono mutu wanga wakana. Lamlungu lija pa hafu ndimafuna 2:00:00 ndendende koma ndinamaliza 2:02:00, ndiye ndikufuna kudziwa kuti mphindi ziwirizi tikazigawa pa kilomita iliyonse zikukwana masekondi angati, ndidziwe ngati ndinali pafupi kapena ndikungodzinamiza

Kondwani: Zophweka izo aise. 2 kugawa ndi 21 pa kalikuleta yandipatsa 0.095, ndiye ndi masekondi 9.5 pa kilomita. Unali kutali ndithu kkkk

Tiyamike: Eee 9.5?? Ndiye basi ndisiye kaye za 2:00 izi

aMbewe: Ayi dikirani kaye mwana wanga musataye mtima. Kondwani wagawa bwino koma wawerenga molakwika. Iye wagawa mphindi, ndiye yankho lake 0.095 lidakali m'mphindi, si masekondi ayi. Mphindi ili ndi masekondi 60 osati 100, ndiye 0.095 uja muyenera kumuchulukitsa ndi 60, mupeza 5.7. Njira yosasokoneza ndi kusandutsa mphindi ziwirizo kukhala masekondi musanayambe kugawa. Hafu ndi makilomita 21.0975, ndiye:

```
120 ÷ 21.0975 = 5.69
```

Ndi masekondi 5.7 pa kilomita, tingonena kuti 6 ochepera pang'ono. Kuti mumalize 2:00:00 mumafunika 5:41 pa kilomita, inu pa 2:02:00 munathamanga 5:47.

Kondwani: Koma ine nambala ya 9 ndinaiwonapo penapake mdala, sindinaipeke

aMbewe: Unaiwona kwa anthu owerengera mamailosi. Hafu ndi mamailosi 13.1, ndiye 120 kugawa ndi 13.1 ndi masekondi 9 ndi pang'ono pa mailo. Zangofanana mwangozi ndi 9.5 wakoyo, sizikugwirizana ayi.

Nabanda wa ku Tafara: Ine ndapeza 2.8 bwanji, kapena foni yanga ndiye yatha

Kondwani: Mwagawa ndi 42 inu anaBanda, funso ndi la hafu osati yonse

Nabanda wa ku Tafara: Ooo ndinangowona marathoni basi ndili mu kombi yodzadza, pitirizani

Tiyamike: Zikomo bambo Mbewe. Komano apa ndi pamene pandizunguza mutu. Wotchi yanga itatha mpikisano inalemba avareji ya 5:43, osati 5:47 mukunenayo. Ndiye kuchoka pa 5:41 kufika pa 5:43 ndi masekondi awiri okha, awiri kuchulukitsa ndi 21 ndi 42, nanga mphindi ziwiri zachokera kuti? Njira yonse ndimayang'ana wotchi ndikumati ndili bho ndatsalira pang'ono chabe ndidzabweza kumapeto, kukhota kona yomaliza ndikuwona wotchi yaikulu ija yadutsa kale 2:00 ine ndisanafike nkomwe

aMbewe: Taonani pa wotchipo, yalemba mtunda wautali bwanji?

Tiyamike: 21.32

aMbewe: Basi, yankho lili pamenepo. Wotchi yanu yagawa nthawi yanu ndi 21.32, pamene eni mpikisano amakuwerengerani 21.0975 basi. 2:02:00 ndi masekondi 7,320. Mukagawa ndi 21.32 mupeza 343, ndiye 5:43 mwaonayo. Mukagawa ndi 21.0975 mupeza 347, ndiye 5:47 yanga ija. Palibe wanama, kungoti mukugawa ndi mitunda iwiri yosiyana.

Mphindi ziwiri zanu tingaziswe chonchi. Mamita 222 owonjezera aja, pa liwiro lanu, amadya masekondi pafupifupi 76. Otsalawo, 44, ndi omwe mwawerengera nokha aja, masekondi awiri ndi kanthu pa kilomita. 76 kuphatikiza 44 ndi 120. Ndiye gawo lalikulu la zomwe munaphonya simukanaliwona pa wotchi ngakhale mukanayang'ana kangati.

Kondwani: Ndiye kuti njira inali yaitali eti. Anakubera mamita 200 aise, kadandaule

aMbewe: Osathamangira kunena zimenezo Kondwani. Njira ikayezedwa mwa malamulo sayezera GPS ayi. Munthu amakwera njinga yomwe ili ndi kachipangizo kowerengera kuzungulira kwa gudumu lakutsogolo, dzina lake Jones counter, ndipo asanayambe amayamba wayesa njingayo pa kamtunda kowongoka koyezedwa ndi tepi yachitsulo. Akatero amadutsa mzere waufupi kwambiri womwe wothamanga angadutse, kudula makona onse, kuchoka mkati mwa kona iyi kulunjika mkati mwa kona inayo. Pamwamba pake amawonjezera mita imodzi pa kilomita iliyonse kuti njira isapezeke yaifupi, pa hafu ndi mamita 21.

Tsono inu pa tsiku la mpikisano mumadutsa mzere umenewo? Poyambira anthu ali thithithi mukuzemba uyu mukuzemba uyo, pa tebulo la madzi mwapatukira kumbali, pa kona mwazungulira kunja chifukwa mkati mwadzadza anthu oyenda, kwina mukuzemba maenje. Zonsezo ndi mamita enieni omwe miyendo yanu yathamanga koma palibe akuwerengereni. Kenako GPS nayo imaphonya payokha, makamaka mkati mwa tawuni pakati pa nyumba zitalizitali kapena pansi pa mitengo ya jakaranda ija, kamzere kake pa mapu mukakakulitsa mumawona kakuyenda mokhotakhota ngakhale inu munayenda mowongoka. 21.3 pa hafu si zachilendo, ambiri amapeza zoterozo.

Kondwani: Koma si mpikisano uliwonse umayezedwa ndi njinga, ena amangoyendetsa galimoto basi

aMbewe: Pamenepo ukunena zoona, ilipo ina yongoyerekeza. Koma ndi wotchi imodzi sungagamule. Ufunse anthu angapo omwe anathamanga, onse akapeza 21.6 kapena 20.7 ndiye pali nkhani. 21.32 ine sindingaimbe nayo munthu mlandu.

Mayi a Tadala: Pepani ndilowererepo. Tiya, 2:02:00 imeneyi ndi ya mfuti kapena ya chipu, ija yoyamba kuwerenga ukaponda kapeti ya poyambira? Chifukwa ine zinandichitikira, ndinaima kumbuyo kwenikweni poyambira chifukwa ndinachedwa pa mzere wa kuchimbudzi, mfuti italira tinangoima osasuntha kenako kuyenda pang'onopang'ono, kufika pa kapeti ya poyambira patadutsa mphindi yathunthu ndi kanthu. Zotsatira zitatuluka analemba ya mfuti, ine mtima kuwawa sabata yonse mpaka mwana wanga anandiwonetsa kuti pali danga lina la nthawi pambali pake

Tiyamike: Ndi ya pa wotchi yanga mayi, ndinadina nditaponda kapeti. Ya mfuti analemba 2:02:48

Mayi a Tadala: Aa chabwino ndiye izi si zanu. Koma ena amve, musanayambe kugawa masekondi yambani mwaona kuti mukugawa nthawi iti

Chikondi: Ine ndinenepo zolimbikitsa. Masekondi 5.7 ndi tinthu tochepa kwambiri Tiya. Ndawerengera apa, ngati umaponda masitepe 170 pa mphindi, pa 5:47 sitepe iliyonse ndi mita imodzi ndi masentimita pafupifupi 2, pa 5:41 ndi mita imodzi ndi masentimita 3 ndi theka. Kusiyana kwake sikukwana masentimita awiri, kukula kwa chala chimodzi basi. Ungotalikitsa sitepe pang'ono zatheka

Kondwani: Kkkk chala chimodzi. Pa kilomita 18 chala chimenecho uchitenga kuti

aMbewe: Masamu a Chikondi ndi olondola koma malangizowo ayi, musamakakamize kutalikitsa sitepe, mumayamba kuponda patsogolo kwambiri ndi chidendene mwendo uli wowongoka ndipo mawondo ndi omwe amalipira. Sitepe imatalika yokha mphamvu zikabwera.

Komanso 5.7 imeneyi ndi avareji, ikuyankha funso lomwe mwafunsa koma siikuuzani chomwe chinachitika. Imakhala ngati munataya masekondi 6 pa kilomita iliyonse mofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, pamene anthu ambiri sataya choncho. Tiyamike, munadinako batani la Lap pa zikwangwani za m'njira? Ndikufuna nthawi za pa zikwangwani, osati zomwe wotchi imalira yokha.

Tiyamike: Eya ndinadina pa 5, 10, 15 ndi 20 monga munatiuzira paja. 5 km 27:50, 10 km 56:10, 15 km 1:25:00, 20 km 1:55:20, pomaliza 2:02:00

aMbewe: Zikomo, apa ndiye tayamba kuwona. Munthu wofuna 2:00:00 mothamanga mofanana amayenera kudutsa 5 km pa 28:26, 10 km pa 56:53, 15 km pa 1:25:19, 20 km pa 1:53:45, kenako kachidutswa komaliza ka mamita 1,097 kamadya 6:15.

Tiyike zanu pambali pake. Pa 5 km munali patsogolo ndi masekondi 36. Pa 10 km patsogolo ndi 43. Pa 15 km mudakali patsogolo koma atsala 19 okha, kutanthauza kuti chigawo chachitatuchi munali mutayamba kale kubweza ngongole. Pa 20 km muli kumbuyo ndi 1:35, pomaliza kumbuyo ndi 2:00.

Ndiye taonani. Pa 15 km munali ndi 19 m'manja, pomaliza muli ndi ngongole ya 120, kutanthauza kuti munataya masekondi 139 pa makilomita 6.1 omaliza okha. 139 kugawa ndi 6.1 ndi pafupifupi masekondi 23 pa kilomita. Makilomita 5 oyamba munathamanga 5:34, kenako 5:40, kenako 5:46, kuchoka pa 15 mpaka pomaliza 6:04. Ndiye vuto lanu si masekondi 6 ofalikira njira yonse ayi, ndi masekondi 23 ounjikana kumapeto, ndipo mankhwala a zinthu ziwirizi ndi osiyana.

Tiyamike: Mayo ine. Koma zoona, kuchoka pa 16 paja miyendo inangolemera, kupuma kunali bwinobwino sindinali wefuwefu koma ntchafu zinakana kunyamuka, anthu omwe ndinawadutsa koyambirira anayamba kundidutsa mmodzimmodzi mpaka amayi ena ovala siketi ya buluu omwe ndinawasiya pa 3 km anandigwira paphewa nkunena kuti tiyeni mwanangu

Kondwani: Koma mdala apa ine sindikuvomereza zonse. Kuyamba mothamanga pang'ono nkwabwino, umasunga nthawi chifukwa kumapeto aliyense amatopa basi. Akanayamba 5:41 ndiye akanamaliza 2:03, bola 36 anasungayo inamuthandiza

aMbewe: Werengera wekha Kondwani. Anasunga 43 pofika pa 10 km, anabweza 163 kuchoka pamenepo mpaka pomaliza. Sindikunena kuti 163 yonseyo yabwera chifukwa cha kuyamba mothamanga, koma 5:34 kwa munthu amene mphamvu zake zili cha m'ma 5:41 mpaka 5:45 si yaulere. Komanso kumbukira kuti 5:34 ndi ya pa zikwangwani, ndipo makilomita oyamba ndi omwe munthu amazemba anthu kwambiri, ndiye miyendo inkathamanga koposa pamenepo. Wotchi inkalira chiyani pa kilomita yachiwiri ndi yachitatu Tiyamike?

Tiyamike: Yoyamba 5:48 chifukwa cha chigulu, yachiwiri 5:19, yachitatu 5:22. Ndimafuna kubweza za yoyambayo

aMbewe: Ndi zimenezotu. Munataya masekondi ochepa pa kilomita yoyamba, mukanatha kuwabweza limodzilimodzi pa makilomita 10 osamva kanthu, inu munafuna kuwabweza nthawi yomweyo nkupitiriranso. 5:19 ndi liwiro loti mwina mumathamangira 10 km, osati hafu.

Kondwani: Ine ndimayamba choncho nthawi zonse ndipo 1:38 ndinaipeza

aMbewe: Mwina ukanapeza 1:36, sitingadziwe. Tumiza nthawi zako za pa zikwangwani tiwone

Kondwani: Ndizifufuza kkkk

Mayi a Tadala: Bambo Mbewe nanga madzi? Ine ndimaganiza kuti mphindi ziwiri za Tiya zinathera pa matebulo. Ine ndikafika pa tebulo ndimayenda ndithu, kumwa ndikuthamanga ndimatsamwa madzi kutuluka m'mphuno

Tiyamike: Ndinayenda pa matebulo awiri omaliza okha, mwina masekondi 30 paliponse

aMbewe: Kuyenda masekondi 30 sikutaya masekondi 30 onse mayi, chifukwa poyendapo mukupitabe patsogolo. Tinene kuti mukuyenda liwiro la mphindi 11 pa kilomita, pa masekondi 30 mwayenda mamita 45, omwe mukanathamanga akanakudyerani masekondi 15 kapena 16. Ndiye mwataya pafupifupi 15 basi. Matebulo awiri ndi theka la mphindi. Ndi gawo la 139 uja koma si lalikulu. Chomwe chimadya nthawi ndi kuima chiimire, kapena kuyenda kuja koti wamwa kale kapu wataya koma miyendo ikukana kuyambiranso, 30 nkusanduka 60 osadziwa. Kapu ya pepala muziipinda kukamwa kwake ikhale ngati kamlomo, mumamwa pang'onopang'ono mukuthamanga osatsamwa. Timapaketi ta pulasitiki tija ndiye tosavuta, kuluma pakona nkumayenda nako.

Nabanda wa ku Tafara: Ndatsika kombi tsopano. Ine funso langa, 5.7 imeneyi ndi ya aliyense kapena ya Tiya yekha? Mwamuna wanga amafuna 1:30 anapeza 1:32, akuti iye zake ndi zovuta kuposa

aMbewe: Nambalayo ndi ya aliyense, mphindi ziwiri pa hafu ndi 5.7 kaya mumathamanga bwanji chifukwa mtunda ndi womwewo. Mungosunga kuti mphindi imodzi pa hafu ndi masekondi pafupifupi 3 pa kilomita, kunena molondola 2.84, zina zonse muzichulukitsa nokha. Koma bambo akunyumbawo akunena zoona kuti kulemera kwake nkosiyana. Iwo akufunika kuchoka pa 4:22 kufika pa 4:16. Masekondi 120 pa 1:30 ndi 2.2 peresenti ya nthawi yonse, pa 2:00 ndi 1.7 peresenti. Kuwonjezera apo munthu wa 1:32 kawirikawiri amakhala atathamanga zaka, zosavuta kukonza anakonza kale, pamene Tiyamike kungokonza mayambidwe kokha akhoza kubweza gawo labwino.

Nabanda wa ku Tafara: Musawauze kuti akunena zoona atisowetsa mtendere pakhomo

Chikondi: Tiya njira ina yachidule, kathamangire kotsika. Harare tili pamwamba pafupifupi mamita 1,500, mpweya ndi wopepuka. Ukapita ku Victoria Falls ndi kotsika, kapena ku Cape Town m'mbali mwa nyanja, mphindi ziwirizo zimachoka zokha osachita kalikonse

Kondwani: Ku Falls kumatentha aise dzuwa likangokwera, zomwe wapindula pa mpweya ubweza pa thukuta

Chikondi: Amathamanga nthawi yozizira m'mamawa, kutentha kwake kuti

Mayi a Tadala: Ya ku Cape Town ija ya Two Oceans ili ndi zitunda, musamunamize mwana. Komanso ndalama ya basi ndi malo ogona chifukwa cha masekondi 6, aaa

aMbewe: Kutsika kumathandiza ndithu munthu wozolowera kuno, izo nzoona, koma kuti ndi masekondi angati zimasiyana munthu ndi munthu ndipo njira ndi nyengo zimatha kudya phindu lonselo. Ndipo kwa Tiyamike wanena yekha kuti mpweya unalipo, yomwe inakana ndi miyendo. Miyendo yotha pa 16 ku Harare ikathanso pa 16 kapena 17 kunyanja.

Chikondi: Ine ndikuti zimathandizabe, mudzaona

Tiyamike: Ndiye ndipange chiyani bambo Mbewe, ndiziphunzira kuthamanga 5:41 kapena chiyani

aMbewe: Ndiyambe ndafunsa, ulendo wanu wautali kwambiri pokonzekera unali makilomita angati?

Tiyamike: 16, kamodzi. Ena onse 12 kapena 13

aMbewe: Ndiye si zodabwitsa kuti zinayamba pa 16 pomwepo. 5:41 mumaitha kale, mwaithamanga makilomita 15 Lamlungu lomweli. Chomwe mulibe ndi kuigwira miyendo itatopa. Ulendo wautali wa kumapeto kwa sabata muukweze pang'onopang'ono, kilomita imodzi kapena ziwiri pa sabata, mpaka muzifika 18 ndi 20 momasuka, liwiro loti mukutha kucheza ndi mnzanu, cha m'ma 6:20 mpaka 6:40. Sabata yachitatu kapena yachinayi iliyonse muzibwerera m'mbuyo thupi lipume. Mukazolowera mtundawo ndiye muyambe kumaliza makilomita 4 kapena 5 omaliza pa liwiro la mpikisano. Pamenepo ndi pomwe mukuphunzitsa thupi chinthu chenicheni chomwe chinakukanikani, kuthamanga 5:40 pambuyo pa ola ndi theka muli pamsewu.

Mkati mwa sabata kamodzi, makilomita 3 katatu pa liwiro la mpikisano, kupuma mothamanga pang'onopang'ono mphindi ziwiri kapena zitatu pakati. Osathamangitsa kuposa pamenepo ngakhale mukumva mphamvu, cholinga nchoti thupi lidziwe liwirolo osayang'ana wotchi.

Tiyamike: Liwiro la mpikisano lake liti tsopano, 5:41 ya zikwangwani kapena ya wotchi? Mwandisokoneza kale kkkk

aMbewe: Funso labwino. Pa tsiku la mpikisano ngati wotchi yanu idzawerenganso 21.3, kuti mumalize 2:00:00 iyenera kumakuwonetsani 5:37 kapena 5:38, chifukwa 7,200 kugawa ndi 21.32 ndi 337.7. Ndiye pophunzira pamsewu ndi wotchi yomweyo lingani 5:37. Mukapeza bwalo la mamita 400 ndi bwino koposa chifukwa pamenepo GPS simukuifuna, 5:41 ndi 2:16 kapena 2:17 pa kuzungulira kamodzi mu mzere wamkati, pamene 5:47 ndi 2:19. Mukazungulira kangapo mudzamva nokha kuti kusiyana kwa masekondi awiri ndi kanthu pa raundi nkochepa bwanji mukadali ndi mphamvu, nchifukwa chake munthu amapitirira osadziwa koyambirira.

Pa mpikisanopo lembani pa mkono ndi cholembera chosafufutika nambala zinayi zija, 28:26, 56:53, 1:25:19, 1:53:45, ndipo pa chikwangwani chilichonse muziyang'ana nthawi yonse yomwe yadutsa, osati avareji. Pa 5 km mukapezeka kumbuyo ndi masekondi 10 palibe vuto, ndi theka la sekondi pa kilomita yotsala. Mukapezeka patsogolo ndi 30 bwezani mwendo nthawi yomweyo.

Kondwani: Nanga zikwangwanizo zikakhala kuti anaziika polakwika? Ine ndinaonapo cha 15 chili patsogolo kwambiri chifukwa anafuna pomangirira pa mtengo wa magetsi, ndiye masamu onse a mdalawa a masekondi 23 akhoza kukhala a chikwangwani osati a Tiya

aMbewe: Zimachitika, ndipo mamita 100 okha pa liwiro limeneli ndi masekondi 34, ndiye chikwangwani chimodzi chikasuntha chimasintha chithunzi. Njira yodziwira ndi kuyerekeza ndi wotchi. Ngati wotchi imapitirira pang'onopang'ono mofanana, tinene 5.06 pa chikwangwani cha 5, 10.11 pa cha 10, 15.16 pa cha 15, zikwangwani zili bwino. Ikadumpha mwadzidzidzi pa chimodzi nkubwerera pa chotsatira, chimenecho ndiye chili polakwika. Tiyamike taonani mitunda ya pomwe munadina paja.

Tiyamike: 5.09, 10.13, 15.12, 20.22

Kondwani: Mwaona! Pa 10 wotchi inali patsogolo ndi mamita 130, pa 15 yatsika kufika 120, pa 20 yakwera mpaka 220. Cha 15 chinali msanga

aMbewe: Chikhoza kukhala msanga ndi mamita 50 kapena 60, kapena GPS inadula kona penapake pakati pa 10 ndi 15, ndi manambala anayi okha sitingasiyanitse. Titenge kuti Kondwani walondola ndipo chinali msanga ndi mamita 60. Ndiye pa 15 yeniyeni anafika mochedwerapo ndi masekondi 20, kutanthauza kuti 19 anali nawo m'manja aja kunalibe, anali ndendende pa nthawi. Zotayika kumapeto zikhala 120 pa makilomita 6.1, pafupifupi masekondi 20 pa kilomita m'malo mwa 23, ndipo kutopa kunayamba msanga kuposa momwe ndinawerengera, chigawo chachitatu chikhala cha m'ma 5:50. Malangizo ndi omwewo.

Kondwani: Bola mwavomera kuti chikwangwani chinali ndi vuto

aMbewe: Ndati chikhoza

Mayi a Tadala: Inu awiri mpaka mawa. Tiya unadyako kanthu m'njira? Maola awiri ndi madzi okha enafe sitifika

Tiyamike: Ndinanyamula jelo imodzi koma ndinaiwala, ndinaipeza m'thumba la kabudula pochapa

Mayi a Tadala: Hiii ndiye mukuvutikiranji ndi masamu, nkhani ndi imeneyo

aMbewe: Ikhoza kuthandizirapo, pa maola awiri kudya kanthu cha m'ma mphindi 45 kenako kena cha m'ma 1:20 kumathandiza ambiri, koma muyesere pa maulendo aatali aja kaye chifukwa ena jelo imawapotokola m'mimba. Ine ndikuonabe kuti 16 uja ndi 5:19 uja ndi omwe anadya zambiri. Kuti chilichonse chinadya masekondi angati palibe angakugawireni.

Nabanda wa ku Tafara: Bamboo akufunsa kuti pa makina othamangira a ku jimu aja amalemba makilomita pa ola, Tiya aziika nambala yanji, akuti mvula ikayamba mu Novembala muwafuna

aMbewe: 2:00:00 ndi 10.55 pa ola, 2:02:00 ndi 10.38. Makina ambiri amakwera ndi 0.1, ndiye 10.55 palibe. Pa 10.5 hafu imatha 2:00:33, pa 10.6 imatha 1:59:25. Aike 10.6, imeneyo ndi 5:40 pa kilomita, koma asawakhulupirire kwambiri manambala a pa makinawo chifukwa lamba akakalamba liwiro lolembedwa ndi lenileni zimasiyana.

Tiyamike: Jimu ndilibe ndalama yake ine, ndizinyowa basi. Loweruka ndiyamba ndi 14 miyendo ikadali yowawa pa masitepe, amene ali mbali ya Mufakose 5:30 m'mawa andiuze

Kondwani: Ndibwera koma 6:30 pa kilomita ine ndigona m'njira

aMbewe: Loweruka lino ayi Tiyamike, mpikisano unali Lamlungu lomweli. Ngati potsika masitepe ntchafu zikuwawabe thamangani 8 yokha pang'onopang'ono, 14 muyambe sabata inayo. Kondwani nthawi zako zija tikudikirabe.